Ngongole yodula pamalipiro: mufolere nayo nyumba, koma musatenge yonse ku banki

*Ndimagwira ntchito pakampani ina ku Kanengo ndipo akandidula zonse ndimatsala ndi K320,000 pamwezi. Lendi ndimalipira K70,000. Nyumba yanga ku Lumbadzi yafika pofolera ndipo pakufunika K1,200,000 mvula isanayambe. Banki yanga ikuti indibwereka ndalama yonseyo pa 36 peresenti pachaka, azidula pamalipiro kwa zaka zitatu. Kampani ina yobwereketsa ndalama ikuti kwawo ndi 2.5 peresenti yokha pamwezi, zaka zitatunso. Kuntchito akhoza kundipatsa K400,000 yopanda chiwongoladzanja, yobweza miyezi 10. Mayi a kunyumba akuti tingotenga ku banki mkhonde yawo. Ndilowere kuti? — Bambo wa ku Lilongwe*

Bambo, mwachita bwino kufunsa musanasaine. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito yoona za ngongole, anthu ambiri ankabwera ndi funso lotereli ndalama atadya kale, pepala la malipiro litayamba kuonda. Inu mukadali ndi mpata wosankha, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

Ndiyambe ndi kampani ya 2.5 peresenti ija, chifukwa ndi imene ikuoneka yotchipa. Mukachulukitsa 2.5 ndi miyezi 12 mupeza 30 peresenti pachaka, ndipo aliyense angaganize kuti 30 ndi yochepa poyerekeza ndi 36 ya ku banki. Koma musanakhulupirire zimenezi, mukawafunse funso limodzi: kodi chiwongoladzanjacho mumawerengera pa ndalama yonse imene ndinatenga poyamba, kapena pa ngongole imene yatsala mwezi umenewo? Njira ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Mabanki amawerengera pa ngongole yotsala, kotero mukamabweza, chiwongoladzanja chimanka chichepa. Makampani ambiri obwereketsa ndalama amagwiritsa ntchito njira imene amaitcha fulati: chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yonse yoyambirira mwezi uliwonse mpaka mapeto, ngakhale mutabweza kale theka.

Ngati yawoyo ili ya fulati, 2.5 peresenti ya K1,200,000 ndi K30,000, ndipo K30,000 imeneyi mudzailipira mwezi uliwonse kwa miyezi 36. Chiwongoladzanja chokha chikukwana K1,080,000. Mukaphatikiza ndi ngongoleyo mudzabweza K2,280,000, kutanthauza kuti azikudulani pafupifupi K63,300 pamwezi. Ku banki, 36 peresenti pachaka ndi 3 peresenti pamwezi pa ngongole yotsala. Azikudulani pafupifupi K55,000 pamwezi ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza pafupifupi K1,979,000. Ndiye amene akunena 30 akudyerani ndalama yoposa K300,000 kuposa amene akunena 36. Kuti tiziyerekeze mofanana, 2.5 peresenti ya fulati pa zaka zitatu ikulingana ndi pafupifupi 4 peresenti pamwezi pa ngongole yotsala, imene ndi 48 peresenti pachaka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti asamayerekeze maperesenti. Kulikonse kumene mungapite, mupemphe manambala atatu olembedwa papepala: ndalama imene idzalowedi mu akaunti yanu, ndalama imene azidula pamwezi, ndi ndalama yonse imene mudzakhala mutabweza pofika mwezi womaliza. Nambala yoyambayo musaiderere. Obwereketsa ambiri amachotseratu ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshuwalansi musanalandire. Tiyerekeze kuti zonsezo zakwana 5 peresenti: mwasainira K1,200,000 koma mwalandira K1,140,000, pomwe chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa K1,200,000 yonse. Mukafika kogula malata mwaperewera K60,000, ndipo K60,000 yoperewera ngati imeneyi ndi imene imakankhira anthu kwa akatapila. Mupemphenso ndandanda ya kabwezedwe, pepala losonyeza mwezi ndi mwezi kuti ndalama yodulidwayo ingati ikupita ku chiwongoladzanja ndipo ingati ikuchepetsa ngongole. Wobwereketsa amene akuzemba kukupatsani pepala limeneli, mumutaye.

Tsopano tione ya ku bankiyo payokha. Pa njira zimene zingakupatseni ndalama yaikulu chonchi nthawi imodzi, ngongole yodula pamalipiro ndi imene nthawi zambiri imakhala yotsika mtengo, ndipo chifukwa chake muyenera kuchimvetsa bwino. Banki siikufuna chikole cha nyumba kapena galimoto popeza chikole ndi malipiro anu. Imatenga gawo lake ndalama isanafike m'manja mwanu. Kwa iwo chiopsezo chachepa, ndiye amatsitsa mtengo. Kwa inu, chimene mwapereka posinthanitsa ndi mtengo wotsikawo ndi ufulu wosankha. Ngongole ya kwa mbale wanu kapena ya kugulu mukhoza kukaipepesa kuti mwezi uno kwagwa maliro, mundidikire. Yodula pamalipiro siimva zimenezo. Mwezi wa fizi idula, mwezi wogula feteleza idula, mwana akagonekedwa m'chipatala idula. Izi si zoipa zokhazokha ayi, chifukwa zimathandiza munthu kumaliza ngongole popanda kuzengereza. Koma zikutanthauza kuti kwa miyezi 36 malipiro anu si K320,000, ndi K265,000, ndipo funso lenileni ndi lakuti kodi banja lanu lingakhale ndi K265,000 m'mwezi wovuta kwambiri pachaka, osati m'mwezi wabwino.

Zaka zitatuzo anakusankhirani ndi a banki, koma simukukakamizidwa kuzilandira. Pa K1,200,000 yomweyo ndi 3 peresenti yomweyo, mukabweza miyezi 24 azidula pafupifupi K70,900 ndipo chiwongoladzanja chonse chikhala pafupifupi K500,000. Pa miyezi 36 chikukwera kufika pafupifupi K779,000. Akakunyengererani kuti mutenge zaka zisanu kuti muzidulidwa pang'ono, azidula pafupifupi K43,400 koma chiwongoladzanja chidzapitirira K1,400,000, kuposa ngongole imene munatenga. Taonani kuti kuchoka pa zaka zitatu kupita zisanu mwangopeputsa K11,600 pamwezi, koma mwadzionjezera zaka ziwiri zodulidwa. Ogwira ntchito m'mabanki amakonda kuyamba ndi funso lakuti "mungakwanitse zingati pamwezi?" chifukwa yankho lake limatalikitsa ngongole.

Mufunsenso ngati 36 peresentiyo ili yokhazikika kapena yoyenda. Ngongole zambiri za m'mabanki kuno kwathu zimatsatira mulingo wa chiwongoladzanja umene umasintha malinga ndi zimene Reserve Bank of Malawi yagamula komanso mmene msika wa ndalama ukuyendera. Kumayambiriro kwa 2022 mulingo wa Reserve Bank unali pa 12 peresenti, ndipo pofika February 2024 unali utafika pa 26 peresenti. Anthu amene anatenga ngongole za zaka zambiri nthawi imeneyo anaona ndalama yodulidwa ikukwera, kapena miyezi yobweza ikuonjezeka, asanasaine pepala lina lililonse. Mulingowu ukhozanso kutsika, inu n'kupindula. Chofunika n'chakuti mudziwe zimene mwavomera, ndipo musiye kampata m'bajeti yanu.

K400,000 ya kuntchito ija mutenge. Ndalama yopanda chiwongoladzanja m'dziko limene mitengo ya zinthu imakwera chaka ndi chaka ndi mphatso, chifukwa K40,000 imene mudzabweze mwezi wa khumi idzakhala yopepuka kuposa K40,000 ya lero. Komabe ili ndi chingwe chake. Ngongole ya kuntchito imakumangirirani pamalo amenewo. Mukapeza ntchito yabwino kwina, kapena mukachotsedwa, yotsalayo amaichotsa nthawi imodzi pa ndalama zanu zomaliza, pa nthawi imene mukuzifunitsitsa. Pali anthunso amene amaopa kudandaula za malipiro kapena za kagwiridwe ka ntchito chifukwa ali ndi ngongole kwa abwana. Pa miyezi 10 yokha chingwecho n'chachifupi, ndiye sindikuda nacho nkhawa. Mungoonetsetsa kuti pali kalata yosainidwa yonena ndalama yake, miyezi yake, ndi zimene zidzachitike ntchito ikatha, osati kungogwirizana pakamwa mu ofesi. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limati zimene olemba ntchito angadule pobweza ngongole imene anakupatsani zisapitirire theka la malipiro anu. Koma thekalo ndi malire a lamulo chabe. Munthu wolipira lendi ndi kudyetsa ana akadulidwa theka, pofika pa 10 mwezi amakhala wayamba kale kukongola.

Ndiye maganizo anga ndi awa: muphatikize. Mutenge K400,000 ya kuntchito, ndipo ku banki mutenge K800,000 yokha, yobweza miyezi 24. Banki izidula pafupifupi K47,200, ndipo chiwongoladzanja chonse chikhala pafupifupi K334,000 m'malo mwa K779,000. Mwapulumutsa ndalama yoposa K440,000, imene ikhoza kukugulirani zitseko ndi mawindo. Mtengo wake ndi wakuti miyezi 10 yoyambirira idzakhala yothina: K40,000 kuntchito ndi K47,200 ku banki, pamodzi K87,200. Mudzatsala ndi K232,800, ndipo mukachotsa lendi mutsala ndi K162,800 ya chakudya, thiransipoti, magetsi, madzi ndi sukulu. Ikatha miyezi 10 mudzapuma, chifukwa yodulidwa idzatsika kufika pa K47,200 basi. Mukauze a banki za ngongole ya kuntchitoyo musanasaine, musaibise. Iwo amayang'ana ndalama yotsala papepala la malipiro, ndipo ndi bwino kuti awerengere pa nambala yoona.

Kaya K162,800 ikukwanirani kapena ayi, ine sindingakuyankhireni, koma mayi a kunyumba akhoza. Mukhale nawo pansi ndi kope, mulembe zimene munagwiritsadi ntchito miyezi itatu yapitayi, osati zimene mukanafuna kugwiritsa ntchito. Mukapeza kuti banja limadya K200,000 kupatula lendi, ndiye kuti njira imeneyi ikusiyirani dzenje la K37,000 mwezi uliwonse, ndipo dzenje lotere anthu amalikwirira ndi ngongole za pafoni ndi katapila, zimene zimadya zonse zimene munapulumutsa. Zikatero ndi bwino kutalikitsa K800,000 ija kufika miyezi 36: azidula pafupifupi K36,600, chiwongoladzanja chikhala pafupifupi K519,000, chimene chikadali chochepa poyerekeza ndi kutenga yonse ku banki. Kenako, ngongole ya kuntchito ikatha, K40,000 imene yamasukayo muziiponya ku banki kuti mumalize msanga. Pa chifukwa chimenechi, mufunsiretu ngati amalola kubweza moonjezera kapena kumaliza nthawi isanakwane popanda chindapusa.

Pali chinthu china m'kalata yanu chimene chikundichititsa kuti ndisakuletseni ngongoleyi, ndicho lendi. Mukasamukira m'nyumba yanu, K70,000 imene mumapereka kwa eni nyumba idzaposa K47,200 ya ku banki. Ngongoleyo idzakhala ikudzilipira yokha. Izi n'zosiyana kotheratu ndi munthu amene watenga ngongole ya zaka zitatu kuti achitire chinkhoswe kapena alipire fizi ya temu imodzi, chinthu chotha m'miyezi itatu koma chodulidwa miyezi 36. Denga limakhala zaka zambiri kuposa ngongole yake, ndiponso makoma osafolera akadutsa dzinja limodzi kapena awiri amanyowa n'kuyamba kuwonongeka. Koma phindu la lendi lija lidzabwera pokhapokha mutasamukadi. Kodi K1,200,000 imeneyi ndi ya denga lokha, kapena ikufikitsani polowa m'nyumba? Ndaonapo nyumba zambiri zofoleredwa bwino, malata akunyezimira, koma zopanda chitseko, chimbudzi kapena madzi, mwini wake akulipira lendi ndi ngongole nthawi imodzi kwa zaka ziwiri. Mupite ndi kalipentala wanu, mulembe chilichonse: malata, matabwa, misomali, waya, thiransipoti, malipiro ake, ndi zochepa zimene zingachititse kuti zipinda ziwiri zikhale zogonamo. Pulasitala ndi silingi zikhoza kudikira muli momwemo. Muwerengerenso thiransipoti ya kuchokera ku Lumbadzi kupita ku Kanengo tsiku ndi tsiku, chifukwa ikhoza kudya gawo la K70,000 ija.

Ndalama ikalowa, mugule katundu sabata yomweyo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zomangira inasintha m'masiku ochepa, ndipo amene anali atasunga ndalama ya ngongole mu akaunti anapeza kuti siikukwaniranso zimene anawerengera. Ndiponso ndalama yokhala mu akaunti imamveka kwa achibale.

Za banki mkhonde, mayi sakulakwitsa kuiganizira, koma si ya ntchito imeneyi. Magulu ambiri amabwereketsa pa 10 mpaka 20 peresenti pamwezi, yobweza m'mwezi umodzi kapena itatu. Pa 20 peresenti, K1,200,000 ingabale K240,000 ya chiwongoladzanja mwezi umodzi wokha, ndipo magulu ochepa okha ndi amene angakhale ndi ndalama yotere yopatsa munthu mmodzi. N'zoona kuti chiwongoladzanjacho chimabwerera kwa mamembala pogawana kumapeto kwa chaka, koma chimagawidwa kwa onse malinga ndi masheya awo, osati kwa amene anachilipira. Banki mkhonde imagwira bwino ntchito pa ndalama yochepa imene ikubwerera msanga, monga kupikula tomato kapena kaunjika n'kugulitsa m'masabata awiri. Denga silibweretsa ndalama m'masabata awiri. Ndipo zikavuta, amene adzayende ndi manyazi pakati pa anzawo a kutchalitchi ndi a m'dera ndi mayiwo, mwina mpaka kulandidwa katundu wa m'nyumba. Ngati pa mapeto mwaperewera K50,000 ya misomali yoti mubweza pakutha pa mwezi, pamenepo gulu likhoza kukuthandizani.

Katapila simunamutchule, koma ndimutchula ine, chifukwa ndi kumene ngongole yodula pamalipiro imatsogolera anthu ikawerengeredwa molakwika. K100,000 ya pa 15 imasanduka K150,000 pakutha pa mwezi, kwina mpaka K200,000, ndipo ambiri amasunga khadi lanu la ku banki pamodzi ndi nambala yachinsinsi. Ndinkawaona anthu otere tsiku la malipiro: munthu ataima pambali pa makina otapira ndalama, wina akutapa ndi khadi lake, n'kumupatsa zotsala m'manja. Ambiri mwa iwo sanayambe ndi katapila. Anayamba ndi ngongole yabwinobwino ya ku banki imene inawasiyira malipiro osakwana mwezi.

Njira imene ndikanakonda mukanakhala nayo ndi SACCO. Kumeneko mumasunga kaye, kenako mumabwereka mogwirizana ndi masheya anu, kawirikawiri kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo phindu la pachaka limabwerera kwa inu eni ake. Ambiri amadulanso pamalipiro. Vuto lake ndi lakuti membala watsopano amayenera kusunga miyezi ingapo asanabwereke, ndiye mvula ya chaka chino simungaipezere kumeneko. Koma ngongole ya kuntchito ikatha, ganizirani zoika gawo la K40,000 ija ku SACCO yovomerezeka ndi Reserve Bank, kuti pulasitala ndi magetsi mudzazichite ndi ngongole ya kwanu komwe.

Musanasaine ku banki, muwerenge ndime ya inshuwalansi mofatsa. Yambiri imalipira ngongole munthu akamwalira kapena akalumala moti sangagwirenso ntchito. Ina imalipirako miyezi yochepa kampani ikachepetsa antchito, koma siilipira mukasiya nokha kapena mukachotsedwa chifukwa cha mlandu. Ntchito ikatha ngongole siitha: banki idzatenga ndalama zomaliza zikangolowa mu akaunti, ndipo mukalephera kubweza yotsala, dzina lanu lidzapita ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, kumene mabanki onse amayang'ana asanabwereke munthu. Inu mukudziwa mmene kampani yanu ikuyendera kuposa ine. Ngati malipiro akhala akuchedwa, kapena mwamva mphekesera zochepetsa anthu, mutenge ndalama yochepa ndi nthawi yaifupi.

Mapepala a malipiro muziwasunga onse. Ngati ndi kuntchito kumene azidula n'kutumiza ku banki, miyezi itatu iliyonse muzipempha sitetimenti ya ngongole n'kuyerekeza. Ndinathandizapo bambo wina amene ankadulidwa mwezi uliwonse, koma kampani yake inakhala miyezi isanu osatumiza ndalamazo. Kwa wobwereketsa iye ankaoneka wosabweza, zindapusa zikuunjikana. Chinamupulumutsa ndi envulopu ya mapepala a malipiro imene akazi ake ankasunga m'sutikesi. Ndipo mukamaliza kubweza, mutenge kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, n'kuyang'ana pepala la mwezi wotsatira, chifukwa zimachitika kuti kudula kumapitirira. Mukadandaula ku banki osathandizidwa, nkhani mukhoza kuipititsa ku ofesi yoona madandaulo a makasitomala ku Reserve Bank.

Chinthu china chidzakupezani pakatha chaka, ndipo ndikufuna mudzachizindikire. Mudzalandira foni kapena uthenga wakuti popeza mwabweza bwino, mukhoza kuonjezera ngongole. Tione zimene zimachitika pa K1,200,000 ya miyezi 36 ija. Mwezi woyamba, pa K55,000 imene adula, K36,000 ndi chiwongoladzanja ndipo K19,000 yokha ndi imene yachepetsa ngongole. Ikatha miyezi 12 mwalipira pafupifupi K660,000, koma ngongole yangotsika ndi K269,000. Yotsala ndi pafupifupi K931,000. Akakuonjezerani kubwerera pa K1,200,000, ngongole yatsopanoyo imayamba yalipira K931,000 yakale. Ngati ndalama yokonzera ndi inshuwalansi aziwerengera pa ngongole yonse yatsopano, achotsanso K60,000, ndipo m'manja mwanu mufika pafupifupi K209,000. Posinthanitsa ndi K209,000 imeneyo, miyezi 24 imene inatsala yabwerera pa 36, ndiye kuti mwadzionjezera miyezi 12 ya K55,000, imene ndi K660,000. Ndinkaona mafayilo a anthu amene anaonjezera chonchi kanayi kapena kasanu, ngongole imene anatenga mwana ali Sitandade 1 ikudulidwabe mwanayo akulemba mayeso a Sitandade 8. Foni imeneyo ikadzabwera, mudzapemphe kuti akulembereni ndalama imene ifike m'manja mwanu ndi miyezi imene ionjezeke, mupite nazo kunyumba, mukaziwerenge ndi mayi musanayankhe.